Lachinayi la malipiro: ndalama zikachepa, ayambe kulandira ndani?

M'makampani ambiri muli tsiku limodzi pa sabata limene foni ya ku ofesi ya za chuma siipuma. Oimba onse funso lawo ndi limodzi: "Bwana, yanga ija ituluka lero?" Amenewa ndi anthu amene anapereka katundu kapena kugwira ntchito pa ngongole, n'kusiya invoyisi, kapepala kofotokoza zomwe apereka, mtengo wake ndi tsiku limene akuyembekeza kulipidwa. Kampani yadongosolo siilipira munthu aliyense pa nthawi imene wagogoda. Imasonkhanitsa mainvoyisi onse ovomerezeka, n'kuwalipira pamodzi tsiku limodzi loikika, kudzera m'fayilo imodzi yopita ku banki.

Kuvomerezeka kwa invoyisi kumatanthauza kuti mapepala atatu agwirizana: oda imene kampani inalemba poitanitsa katundu, kalata imene wa ku sitolo yosungira katundu anasaina polandira, ndi invoyisiyo. Ngati oda ikuti matumba 200, olandira anawerenga 200, ndipo invoyisi ikulipiritsa 200 pa mtengo womwe anagwirizana, mkulu wa nthambi amasaina. Koma siginecha imeneyi imangovomera kuti ngongoleyo ndi yoona. Siinena kuti ndalama zilipo, ndiponso siinena kuti ilipidwe lero. Zimenezo amagamula ndi wowerengera chuma, ndipo mutu umauma pamenepa.

Tiyerekeze kampani yophika buledi ku Limbe, imene imalipira Lachinayi lililonse. Lero ndi pa 10, ndipo malipiro otsatira adzakhala pa 17. Ku banki kukuoneka K46 miliyoni. Wongoyamba kumene ntchito angasangalale, poti mainvoyisi ovomerezeka onse pamodzi akukwana K35 miliyoni basi. Wozolowera amayamba wachotsa ndalama zimene zili mu akaunti koma zili ndi eni ake kale.

Pali K2 miliyoni ya macheke amene anaperekedwa sabata yatha koma sanatapidwe. Pali K7 miliyoni ya msonkho wodulidwa pa malipiro a antchito, msonkho wodulidwa polipira operekera katundu mwezi watha, ndi penshoni. Misonkho iwiriyi imayenera kufika ku MRA pofika pa 14 mwezi wotsatira, ndipo ya penshoni nayo ili ndi malire a masiku 14 mwezi ukatha. Pa 14 pafika Lachinayi lina lisanakwane, choncho ndalamayi siigwiridwa. Kampaniyi imapatulanso K12 miliyoni yoyambira malipiro a antchito a kumapeto kwa mwezi, chifukwa masitolo ogula buledi pa ngongole salipira onse pa nthawi yake, komanso K3 miliyoni ya zogwa mwadzidzidzi. Zikachoka zonsezi, pa K46 miliyoni paja patsala K22 miliyoni. Ngongole ndi K35 miliyoni. Ena sagona ndi ndalama lero.

Pulogalamu ya pa kompyuta, kaya ndi Sage, QuickBooks kapena ina, imatulutsa mndandanda wa ngongole motsata masiku amene yakhala. Ukaiuza kuti isankhe mainvoyisi onse oyenera kulipidwa pofika tsiku lakutilakuti, imatero m'kuphethira kwa diso. Tsiku loyenera kuiuza si la lero ayi, koma la pa 16, tsiku lomaliza malipiro otsatira asanafike. Invoyisi yofunika kulipidwa pa 15 ikasiyidwa lero, idzatuluka pa 17 itachedwa kale. Ambiri amapunthwa pa kanthu kakang'ono kameneka.

Chimene pulogalamu siidziwa n'chakuti m'nyumba yosungira katundu mwatsala ufa wa tirigu wa masiku asanu okha. Invoyisi ya ogaya ufa ndi K14 miliyoni, yofunika pa 12, ndipo iwo ananeneratu kuti galimoto siipakira ufa wina ngongole yakale isanathe. Iyi si invoyisi yakale kwambiri pa mndandanda, koma ndi imene ingazimitse uvuni. Funso loyamba la wolipira si lakuti "wadikira nthawi yaitali ndani?" koma lakuti "ndikapanda kulipira uyu, chiima n'chiyani, ndipo chiima liti?" Ufa ukulowa poyamba. Asanalembe K14 miliyoni, wowerengera ayang'ane kaye ngati palibe chimene ogaya ufawo ayenera kubweza. Pano chilipo: matumba ena anafika atanyowa, anabwezedwa, ndipo ogayawo anatumiza kalata yochotsera K400,000. Yolipira ndi K13.6 miliyoni. Kalata yotere ikaiwalika, ndalama imapita yonse, ndipo kuibweza kumatenga miyezi ya mafoni.

Dizilo wa magalimoto operekera buledi, K4 miliyoni yofunika pa 15, akulowa pa chifukwa chomwecho. Buledi wophikidwa koma wosafika ku sitolo m'mawa ndi wotayika. Kampani ya alonda, K2.1 miliyoni, yapitirira ndi masiku asanu, ndipo m'pangano muli chilango cha kuchedwa. Nayonso ilowe.

Kenako pali mayi woweta nkhuku amene amabweretsa mazira. Yake ndi K900,000, ndipo yachedwa ndi masiku 12. Mayiyu alibe loya, alibe chilango m'pangano, ndipo mazira angagulidwe kwina. Pa masamu okhaokha, ndi amene angadikiritsidwe mosavuta, ndipo n'chifukwa chake operekera katundu ang'onoang'ono ndi amene amavutika kwambiri m'maofesi ambiri. Ine ndimaona kuti kumeneko n'kulakwitsa ngakhale pa nkhani ya bizinesi. K900,000 siisintha kanthu pa K22 miliyoni, koma kwa iye ndi chakudya cha nkhuku cha mwezi. Nkhuku zikasowa chakudya zimasiya kuikira, ndipo sabata ziwiri zikubwerazi wogula wa kampani azidzathamanga ku msika kufuna mazira pa mtengo wokwera, kulipira pompopompo.

Polipira mayiyu pali msonkho wodula. Amene ali ndi satifiketi ya MRA yowachotsa pa msonkho umenewu amalandira ndalama yonse, ndipo tinene kuti atatu oyamba aja ali nayo, yosatha ntchito. Mayiyu alibe. Tiyerekeze kuti mlingo wa katundu wake ndi 3 peresenti: pa K900,000 pachoka K27,000, iye alandira K873,000 pamodzi ndi satifiketi yosonyeza kuti msonkho wadulidwa. K27,000 ija si phindu la kampani. Ndi ya MRA, ndipo idzafunika pofika pa 14 mwezi wamawa.

Pofika apa patuluka K20,573,000, ndipo kuphatikiza msonkho wopatulidwa uja ndi K20.6 miliyoni. Patsala K1.4 miliyoni, ndi mainvoyisi atatu.

Wosavuta ndi wa mipando ya mu ofesi, K5 miliyoni, yofunika pa 28. Mwini wake waimba kanayi chiyambire m'mawa, ndipo anayamba wadutsira kwa bwana wamkulu. Phokoso lake silisintha tsiku lolembedwa pa invoyisi. Adzalandira pa 24, nthawi yake isanakwane n'komwe. Ofesi imene imalipira woimba kwambiri imaphunzitsa onse kuimba.

Wachiwiri ndi wofuna kuganiza mofatsa. Opanga mapepala okulungira buledi ali ndi invoyisi ya K6 miliyoni yofunika pa 30, koma analemba kuti ikalipidwa pofika pa 10 achotsa 2 peresenti, yomwe ndi K120,000. Ambiri amaiderera 2 peresenti. Koma imeneyi ndi mphotho yolipira msanga ndi masiku 20 okha, ndipo ukaiwerengera pa chaka imafanana ndi chiwongoladzanja cha pafupifupi 37 peresenti. Ndalama ikakhalapo, kuchotseredwa kotere sikusiyidwa. Lero palibe. Pakufunika K5.88 miliyoni pomwe m'manja muli K1.4 miliyoni, choncho kampani iyenera kubwereka K4.48 miliyoni ku banki. Ngati banki ikulipiritsa 30 peresenti pa chaka, masiku 20 adya pafupifupi K74,000. Phindu lenileni latsika kufika pa K46,000. Lilipobe, koma ndi lochepa moti yankho lidalira invoyisi yomaliza.

Yomalizayo ndi ya amisiri amene anakonza uvuni, K3 miliyoni, yochedwa ndi masiku 40. Mwa zonse, iyi ndi imene imayenera kukhala patsogolo. Koma Lolemba kunabwera uthenga wa pa imelo, wokhala ndi chizindikiro cha kampani yawo, wonena kuti asintha banki ndipo ndalama ipite ku akaunti yatsopano. Umu ndi mmene akuba ambiri amabera makampani masiku ano: invoyisi yoona, ntchito yoona, akaunti yabodza. Ndalama ikangolowa imatapidwa tsiku lomwelo, ndipo ngongole kwa amisiri enieni imakhala ikadalipo. Njira yake n'kuimba foni pa nambala yakale imene ili m'fayilo, osati imene yalembedwa mu uthengawo, n'kulankhula ndi munthu wodziwika. Lero foniyo siikuyankhidwa, choncho invoyisi yaimikidwa. Popeza amisiriwa akangotsimikiza ayenera kulipidwa nthawi yomweyo, ngakhale Lachinayi lisanafike, K1.4 miliyoni ija isungidwire iwo, ndipo mpata wobwereka ku banki usatsekedwe chifukwa cha K46,000. Okulungira buledi adikira tsiku lawo.

Kusankha kwatha, koma ndalama sinatuluke. Mndandanda wa anthu anayiwa uyenera kuonedwanso ndi maso, mzere ndi mzere, kufuna invoyisi yolowa kawiri. Zimachitika motere: woperekera katundu watumiza invoyisi pa imelo, kenako dalaivala wabweretsa ya pepala, kalaliki wina walemba `INV-0457`, mnzake walemba `457`. Kompyuta ikuona manambala awiri osiyana ndipo siidandaula. Chogwirira wolakwa ndi kusanja mndandanda motsata dzina ndi kuchuluka kwa ndalama. Dzina limodzi, ndalama yofanana, tsiku lofanana: imani kaye.

Wokonza fayilo sakhala wovomereza. Kalaliki amaikweza pa makina a banki, ndipo akuluakulu awiri osainira akaunti amalowa aliyense ndi nambala yake yachinsinsi. Osainawo asamangoona chiwerengero chonse. Pepala limene anavomereza likuti malipiro 4, K20,573,000, ndipo pa sikirini ya banki payenera kuoneka chimodzimodzi, komanso nambala za akaunti zifanane ndi zimene zili m'kaundula wa kampani. Bwana amene amapereka nambala yake yachinsinsi kwa kalaliki poti ali pa msonkhano ku Mangochi wagwetsa mpanda wonse. Nthawi nayo njofunika, chifukwa banki iliyonse ili ndi ola limene imatsekera malipiro opita ku mabanki ena, ndipo fayilo yovomerezedwa madzulo kwambiri imayenda mawa lake.

Aliyense wolipidwa atumiziridwe kalata yofotokoza mainvoyisi amene alipidwa ndi zimene zachotsedwa. Popanda kalatayo, ogaya ufa aona K13.6 miliyoni, aganiza kuti mwapereka yoperewera, ndipo galimoto iima pa geti chifukwa cha K400,000 imene anachotsa okha. Amene sanalowe nawonso aimbiridwe, auzidwe tsiku lenileni, osati "tikuyang'ana". Lachisanu m'mawa wowerengera amatsegula sitetimenti ya banki kuona ngati onse anayi adutsa. Malipiro amatha kubwerera chifukwa cha nambala imodzi yolakwika kapena akaunti yotsekedwa, pomwe m'mabuku a kampani invoyisi ikuoneka ngati yalipidwa. Yobwererayo iyenera kutsegulidwanso m'mabuku tsiku lomwelo, apo ayi siidzaonekanso pa mndandanda wa pa 17.