Chipilala cha nsonga chimalemerera pati?

Mmisiri akaumba chipilala cha konkire chozungulira, chokhala ndi nsonga pamwamba, tsiku lochinyamula limabwera ndi funso: chingwe chimangidwe pati kuti chipilalacho chisapendekeke? Ambiri amayeza kutalika kwake n'kugawa pawiri. Akachikweza chogona, tsinde limatsikira pansi, nsonga n'kuloza kumwamba.

Malo amene akufunikawo ndi phata la kulemera, pomwe kulemera konse kwa chinthu kumakhala ngati kwasonkhana. Chipilalachi chili ndi zigawo ziwiri. Cham'munsi ndi silinda, cham'mwamba ndi koni, monga thunthu la nkhokwe ndi denga lake, kungoti muno mulibe mphako. Popeza zonse ndi zozungulira mofanana, phatalo lili pamzere wodutsa pakati kuchokera pansi kufika kunsonga. Chotsala ndi kudziwa kuti lili pamtunda wotani.

Silinda sivuta: phata lake lili pakati penipeni pa kutalika kwake. Koni ndiye amasokoneza anthu. Mnofu wake wambiri uli kutsinde, ndipo phata lake lili pa gawo limodzi mwa magawo anayi a kutalika kwake, kuwerengera kuchokera kutsindeko. Archimedes wa ku Syracuse, yemwe anamwalira m'chaka cha 212 Yesu asanabadwe, ankazidziwa kale zimenezi. Chinanso, koni amatenga konkire wokwana gawo limodzi mwa atatu a amene angalowe mu silinda yofanana naye m'lifupi ndi mumsinkhu.

Titenge chipilala cha masentimita 30 m'mimba mwake. Silinda ndi yotalika masentimita 30, koni 60, chonse pamodzi 90. Konkire wamba amalemera pafupifupi makilogalamu 2,400 pa kiyubiki mita imodzi, choncho silinda ikulemera makilogalamu 51, koni 34. Taonani: koni watalika kawiri kuposa silinda, komabe ndiye wopepuka.

Tsopano miyeso yonse iyambire pansi. Phata la silinda lili pa masentimita 15. La koni lili masentimita 15 pamwamba pa tsinde lake, koma tsindelo lakhala pa silinda, ndiye kuchokera pansi ndi 45. Apa ndi pamene ophunzira ambiri amaterereka, poiwala kuwonjezera 30 wa silindayo.

Chigawo chilichonse chimakokera phata kumbali kwake molingana ndi kulemera kwake. N'chifukwa chake kulemera kwa chigawo kumachulukitsidwa ndi mtunda wa phata lake, zotsatira ziwirizo n'kuphatikizidwa, kenako n'kugawidwa ndi kulemera konse:

(51 × 15 + 34 × 45) ÷ 85 = 27

Phata lili pa masentimita 27, m'kati mwa silinda, masentimita 3 pansi pa polumikizira. Womanga chingwe pa 45 waphonya ndi masentimita 18 athunthu. Yankho lolondola liyenera kugwera pakati pa 15 ndi 45, ndiponso kufupi ndi chigawo cholemera. Likatuluka kunja kwa malire amenewa, masamuwo alakwika penapake.

Nambala yomweyi imanenanso za kugwa. Chipilala choimirira chimagubuduka pamene phata lake lapitirira m'mphepete mwa tsinde. Kuchokera pakati kufika m'mphepete ndi masentimita 15, phata lili pa 27, ndipo izi zikutanthauza kuti chingapendekeke mpaka madigiri 29 chisanagwe, bola chisatsetsereke. Phata likanakhala pa 45, madigiri 18 okha akanakwana kuchigwetsa.

Pali msampha wina wofunika kuusamala. Amene anazolowera thirayango, yomwe phata lake lili pa gawo limodzi mwa atatu, amatengera lamulolo pa koni, n'kupeza 29 m'malo mwa 27. Lamulo la magawo atatu limagwira pa koni wamphako, wopindidwa ndi lata lopyapyala, wopanda chotseka kutsinde. Koni wodzadza ndi wa magawo anayi. Komanso ngati nsonga ili yachitsulo pomwe tsinde ndi lamtengo, kukula kwa zigawo sikungathandize. Chofunika ndi kulemera kwenikweni kwa chilichonse. Konkire wosatsenderedwa bwino, wokhala ndi mabowo a mpweya, nayenso amasuntha phata pang'ono.

Kodi phatalo lingakwere mpaka kulowa mu koni? Lingatero, koma pokhapokha koni atatalika kuposa silinda pafupifupi kawiri ndi theka. Pa silinda ya masentimita 30, phata limafika polumikizira koni akakwana pafupifupi 73.

Wokayika masamuwa agoneke chipilalacho pa paipi yopingasa, n'kumachisuntha pang'onopang'ono mpaka mbali zonse ziwiri zitayandama. Akayeza kuchokera kutsinde adzapeza masentimita 27, ndipo chingwe chimangidwe pomwepo.