Funso la ndalama liyambe, mbiri ya kampani ibwere pambuyo

Makampani ambiri ali ndi tsamba la mafunso amene makasitomala amafunsa kawirikawiri, lija limalembedwa kuti FAQ. Koma mukalitsegula, funso loyamba limakhala lakuti, "Kodi kampani yathu inayamba liti?" Ndani anasowapo tulo ndi funso limeneli? Munthu amafika patsambali zinthu zitathina: walipira koma katundu sakuoneka, kapena chimene wagula chaleka kugwira ntchito. Yankho lake lilipo ndithu, koma lili kumunsi kwenikweni, ndipo asanalipeze watopa kale n'kuimba foni.

Matsamba otere satalika tsiku limodzi. Kukabuka nkhani yatsopano, wina amawonjezera funso kumapeto, ndipo palibe amene amachotsa zakale. Pakatha zaka zingapo, dongosolo la tsambalo limangosonyeza tsiku limene funso linalembedwa, osati kuchuluka kwa anthu amene akulifuna.

Komanso anthu sawerenga pasikirini ngati mmene amawerengera buku. Mu 1997, katswiri wa kagwiritsidwe ntchito ka makompyuta, Jakob Nielsen, anafalitsa zotsatira za kafukufuku zosonyeza kuti anthu 79 pa 100 alionse amene anawayesa ankangomwaza maso patsamba latsopano, ndipo 16 okha ndiwo ankawerenga liwu ndi liwu. Amenewo anali pakompyuta. Nanga amene ali pafoni yaing'ono, bandulo ikutha?

Tiyerekeze kuti pali kampani yogulitsa nyali za sola pangongole. Kasitomala amalipira pang'onopang'ono kudzera pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, ndipo akalipira amalandira manambala otsegulira nyaliyo, amene ambiri amangoti tokeni. Tsamba la kampaniyi lili ndi mafunso 38. Kodi mungayambire pati kulikonza?

Musayambe ndi kulemba. Yambani ndi kuwerengetsa. Tengani kope, ndipo kwa mwezi wathunthu aliyense woyankha foni, woyankha mauthenga a WhatsApp ndi ejenti wa pamsika aziika kamzere pa funso lililonse limene wafunsidwa. Azilembanso mawu enieni amene kasitomalayo wanena. Tinene kuti mwezi watha ndipo mwapeza mafunso 300. Mwa amenewa, 110 ndi akuti "Ndalipira koma tokeni sinabwere," 60 ndi akuti "Ndikachedwa kulipira mudzalanda nyali?", 45 ndi a nyali yozima msanga, ndipo 25 ndi a anthu amene analakwitsa nambala ya akaunti potumiza ndalama. Mafunso 4 okha atenga anthu 240. Otsala 60 amwazikana pa tinkhani tambirimbiri, ndipo la mbiri ya kampani silinafunsidwe ngakhale kamodzi. Patsamba lakale, la tokeni linali pa nambala 27.

Mafunso 4 aja ndiwo akwere pamwamba, motsatana ndi kuchuluka kwake. Koma kuchuluka si muyeso wokhawo. Pali mafunso obwera mwa apo ndi apo amene kuchedwa kwa yankho lake kungapweteketse munthu. Ngati anthu 2 okha anafunsa za batire lotupa kapena lotentha kwambiri, funsolo lisapite kumunsi chifukwa cha kuchepa kwa timizere, pakuti batire lotere lingathe kuyatsa moto. Liikeni pakati pa oyambirira. Chimodzimodzinso funso la anthu akuba amene amaimba foni kunamizira kuti ndi a kampani, n'kumapempha nambala yachinsinsi. Choncho pa funso lililonse dzifunseni zinthu ziwiri: afunsa angati, nanga amene sapeza yankho ataya chiyani?

Zotsalazo zisanjeni m'magulu otsatira ulendo wa kasitomala: asanagule, kulipira, kugwiritsa ntchito, zikavuta. Musazisanje potsatira maofesi anu. Kasitomala sadziwa ngati vuto lake ndi la a zachuma kapena la amisiri, ndipo si udindo wake kudziwa. Mafunso ofanana aphatikizeni, onena za katundu amene munasiya kugulitsa achotseni, mbiri ya kampani isamukire kwina. Pa 38 paja mwina mungatsale ndi 20.

Ntchito yaikulu ili pa mayankho. Yankho lakale la tokeni linkayamba chonchi: "Kampani yathu imayesetsa nthawi zonse kupereka thandizo lapamwamba kwa makasitomala ake onse. Komabe, chifukwa cha zovuta zina zimene sitingazipewe, pamakhala nthawi zina pamene mauthenga amachedwerapo." Munthu ali mumdima, ana akufuna kuwerenga, ndipo mpaka pano sanamve chochita. Latsopano likhale lotere: "Ndalama zanu sizinatayike. Dikirani mphindi 15. Tokeni ikapanda kubwera, titumizireni uthenga umene munalandira mutalipira pamodzi ndi nambala ya akaunti yanu, ndipo tikuyankhani lero lomwe." Chiganizo choyamba chachotsa nkhawa, chachiwiri chapereka nthawi, chachitatu chanena chochita. Atolankhani amadziwa kalembedwe kameneka: chofunika kwambiri poyamba, zofotokozera pambuyo. Funso loyamba ndi "kodi" liyankhidwe ndi "inde" kapena "ayi" mawu ena asanabwere. Koma "lero lomwe" mulembe pokhapokha ngati mungakwanitse. Lonjezo lalifupi limaoneka bwino, ndipo likaphwanyidwa limaonekanso bwino.

Mutu wa funso nawonso ukhale m'mawu a kasitomala, aja munalemba m'kope. Palibe amene amafufuza "ndondomeko yobwezera malipiro olakwika." Amafufuza "ndatumiza ndalama pa nambala yolakwika."

Kufupikitsa kuli ndi msampha wake, ndipo ambiri amakodwa pomwepa. Tengani funso lakuti, "Nyali ikawonongeka mudzakonza ulere?" Kuyankha kuti "Inde" n'kwachidule, koma ngati mgwirizano ukunena kuti ulerewo ndi wa zaka 2 zokha, komanso kuti umatha ngati nyaliyo yatsegulidwa ndi mmisiri wina, ndiye kuti "inde" wanuyo ndi bodza. Dulani malonje, kudzitama ndi kubwereza. Musadule ndalama, masiku, kapena mawu akuti "pokhapokha." Yankho likakana kufupika pansi pa ziganizo 4 kapena 5, perekani mfundo yaikulu ndi kulozera kumene kuli tsatanetsatane.

Kope lija nalonso limanama pang'ono. Limawerenga okhawo amene anali ndi mayunitsi oimbira. Amene anangotaya mtima mulibemo, n'chifukwa chake mawu a maejenti akumudzi ndi ofunika. Limatsatanso nyengo. Mu Januwale, mitambo ikaphimba dzuwa ndipo ndalama zikapita ku fizi ndi feteleza, mafunso a nyali yozima msanga ndi a kuchedwa kulipira angachuluke kuposa mu Ogasiti. Werengetsaninso nyengo ikasintha.

Mudziwa bwanji kuti zatheka? Patatha mwezi tsamba latsopano litayamba kugwira ntchito, bwerezani timizere tija. Mukhozanso kupatsa foni anthu 5 amene sagwira ntchito pakampanipo, muwauze kuti, "Mwalipira, tokeni sinabwere, pezani chochita," kenako mukhale chete n'kumaona pamene chala chawo chikuima. Akakufunsani kuti, "Ndiye nditani?", yankholo silinapse. Ndipo ngati mafoni a tokeni akadali 110 ngakhale yankho lili pamwamba penipeni komanso lomveka, lekani kulimbana ndi tsambalo. Vuto lili pa makina otumiza matokeni, ndipo oyenera kuitanidwa ndi amisiri, osati mlembi.