Timadontho toyera mu ubongo: envelopu yomwe inasowetsa tulo banja la ku Nkolokosa

Makina oyamba a MRI atafika mu Blantyre mu 2008, ntchito yawo yaikulu inali kuunika ana okomoka ndi malungo a mu ubongo. Masiku ano ngakhale munthu amene mutu wamuvuta kwa miyezi ingapo amatha kusonkhanitsa ndalama kwa abale n’kukajambulitsa. Ambiri mwa iwo amabwerako ndi envelopu yaikulu ndi pepala lomwe lili ndi mawu akuti “non-specific white matter changes”, ndipo pakhomo mtendere umatha.

Envelopu yotereyi ndinaiona ku Nkolokosa, kwa mayi wina wa zaka 56 amene amagulitsa zitenje ku Limbe. Anaitsitsa pamwamba pa kabati, n’kuipukuta fumbi ndi nsonga ya chitenje. Mwana wawo wamkazi ananyamula chithunzicho n’kuchilozetsa pawindo kuti dzuwa lichiwalire. Ubongo unkaoneka wotuwa ngati phulusa, ndipo cha mkati, mbali zonse ziwiri, munali timadontho toyera ngati mbewu za mapira zomwe zatayika pamphasa. Tinawerenga tisanu ndi tiwiri, mwina tisanu ndi titatu.

Mayiwa anakajambulitsa chifukwa cha mutu ndi chizungulire. Pepalalo litafika, aliyense anali ndi mawu ake. Mlamu wawo anati ndi khansa ikuyamba. Mnzawo wa kumsika anati ndi nyongolotsi za nkhumba. Wina wa kutchalitchi anangopukusa mutu n’kunena kuti izi n’za anthu. Kwa milungu iwiri mayiwa sanatsegule benchi yawo. Usiku ankadzuka n’kumayesa kutchula mayina a zidzukulu zawo mmodzimmodzi kuti aone ngati nzeru zayamba kuthawa.

“Amayi, mukudzipha nokha ndi maganizo, tiyeni tikafunse bwino,” ndi mmene mwana wawo uja anawauzira.

Kuti timvetse timadontho timeneti, tiyambe ndi mmene ubongo unapangidwira. Kunja kwake kuli chikhungwa chotuwa, komwe kuganiza kumachitikira. Mkati mwake muli mitsempha yambirimbiri yonyamula mauthenga, yokutidwa ndi mafuta ngati waya wamagetsi wokutidwa ndi pulasitiki. Mafutawo ndi amene amachititsa kuti gawoli lizitchedwa loyera. Magazi amafika kumeneko kudzera mu timitsempha tating’ono kwambiri, tataliatali, tomwe tilibe njira ina yolowera m’malo tikatsekeka. Aliyense wokhala kumtunda amadziwa kuti madzi akachepa mphamvu, mpopi wa kumapeto kwa paipi ndi umene umayamba kuuma. Momwemonso, timitsemphati tikauma ndi kupanikizika chifukwa cha ukalamba, bipi, shuga kapena fodya, malo a kumapeto amalandira magazi operewera. Mafuta aja amaperepeseka, pamalopo pamachuluka madzi, ndipo pa mtundu wa chithunzi womwe pepala limautchula kuti FLAIR, malo amenewo amawala.

Ndiye kuti kadontho si chinthu chomwe chamera mu ubongo. Si chotupa, si mafinya, si kachilombo koyenda. Ndi chipsera chaching’ono, kapena malo otopa. Ndipo mawu aja akuti “non-specific” akungotanthauza kuti pongoona chithunzi, wowerenga sangaloze matenda amodzi, chifukwa zinthu zingapo zimasiya chizindikiro chofanana. Ngakhale mutu waching’alang’ala umayendera limodzi ndi timadontho totere mwa anthu ena, makamaka amayi, popanda kuwononga nzeru zawo.

Msinkhu ndi umene umasintha nkhani yonse. Pa kafukufuku wina wa ku Rotterdam m’dziko la Netherlands, yemwe anasindikizidwa mu 2001, anajambula anthu oposa 1,000 a zaka 60 mpaka 90. Anthu 5 okha pa 100 aliwonse ndi amene analibiretu timadontho. Kwa agogo a zaka 75, timadontho tochepa tili ngati imvi. Kwa mnyamata wa zaka 25, timafuna kufufuzidwa.

Pa pepala la mayi wa ku Nkolokosa panalembedwanso kuti “Fazekas 1”. Umenewu ndi muyezo woyambira pa 0 kufika pa 3. Pa 1, timadontho tili patalipatali, kalikonse pakokha. Pa 2, tayamba kugundana. Pa 3, taphatikizana n’kukhala zigamba zikuluzikulu ngati mitambo. Anthu a pa 3 ndi amene kawirikawiri amayamba kuyenda mokoka miyendo, kugwa pafupipafupi, kulephera kupirira mkodzo ndi kuganiza mochedwa. Munthu wa pa 1 nthawi zambiri samva kanthu, ndipo mutu umene unamupititsa kokajambula umakhala ndi chifukwa china.

Apa ndi pamene mkangano unayambira, ndipo sunathe msanga. Dokotala woyamba amene anaona pepalalo anawauza kuti palibe vuto, apite kunyumba akapume. Wachiwiri, wa pakiliniki ina, anawauza kuti izi ndi zizindikiro za sitiroko, ndipo anawalembera asipirini woti azimwa tsiku lililonse. Mayiwa anabwerera kunyumba ali ndi mayankho awiri osagwirizana, osadziwa kuti amvere ndani.

Woyambayo sananame. Timadontho tochepa pa msinkhu umenewu si matenda ofuna opaleshoni, ndipo palibe mankhwala otifufuta. Kujambulitsanso pakatha miyezi itatu kuti muone ngati tachoka n’kutaya ndalama, chifukwa nthawi zambiri sitichoka. Koma mawu akuti “palibe vuto” ali ndi ngozi yake: munthu amawamva ngati chilolezo choiwala zonse. Ofufuza ataphatikiza zotsatira za makafukufuku ambiri mu 2010, anapeza kuti anthu omwe ali ndi madontho ochuluka amadwala sitiroko pafupifupi katatu kuposa anzawo, ndipo matenda oiwala a ukalamba amawagwira pafupifupi kawiri kuposa anzawo. Ziwerengerozi n’za anthu a madontho ambiri, osati a Fazekas 1, koma madontho ambiri amayamba ali ochepa.

Wachiwiriyo anaona ngoziyo, koma mankhwala ake ndi amene akatswiri amawakayikira. Asipirini amathandiza munthu amene anadwalapo sitiroko yotsekeka mtsempha kapena matenda a mtima. Kwa munthu amene sanadwalepo, amene angomupeza ndi timadontho pa chithunzi, malangizo a akatswiri a sitiroko a ku Ulaya a mu 2021 amati asapatsidwe asipirini chifukwa cha timadontho tokha. Timitsempha tomwe tafookato timathanso kuphulika. Kumwa mankhwala osungunula magazi bipi ili pamwamba kumawonjezera mpata woti magazi atayikire mu ubongo kapena m’mimba, ndipo mayiwa anali kale ndi vuto la zilonda za m’mimba. Komabe m’makiliniki mwathu asipirini amalembedwa mosavuta, chifukwa ndi wotsika mtengo ndipo wodwala amachoka akumva kuti wathandizidwa.

Chimene chinandikhudza n’chakuti pa mkangano wonsewu, yankho linali kale m’buku lawo la kuchipatala. Mwana wawo atalitsegula, tinapeza kuti zaka zitatu zapitazo namwino analemba 168/102. Anawapatsa mapiritsi a mwezi umodzi. Atamva bwino, sanabwererenso. Bipi imatchedwa yokwera ikafika 140/90, ndipo mwa zonse zoyambitsa timadontho zomwe munthu angazisinthe, iyi ndiye yaikulu. Kafukufuku wa dziko lonse wa mu 2009 anapeza kuti munthu wamkulu mmodzi mwa atatu m’Malawi ali ndi bipi yokwera, ndipo ochuluka kwambiri sankadziwa. Ku America, kafukufuku wa mu 2019 anasonyeza kuti mwa odwala omwe bipi yawo inatsitsidwa kwambiri, madontho ankakula pang’onopang’ono kusiyana ndi mwa anzawo. Kwa ine, chithunzi cha mayiwa chinali lisiti ya zaka zitatu za bipi yosasamalidwa.

Dokotala wachitatu, pachipatala chachikulu, sanayambe ndi chithunzi. Anawayeza bipi mikono yonse iwiri, anawayendetsa m’khonde kuti aone mapazi awo, anawafunsa za mkodzo ndi za kuiwala, kenako anawatumiza kukayezetsa shuga, impso, HIV ndi chindoko. Ziwiri zomalizazi zinawakhumudwitsa mayiwa poyamba, koma kwathu kuno sizidumphidwa. HIV payokha imatha kuchititsa gawo la mkati la ubongo kuoneka loyera pa chithunzi mbali zonse ziwiri. Mwa munthu amene chitetezo chake chatsika kwambiri, makamaka CD4 ikatsika pansi pa 200, pali matenda ena otchedwa PML omwe amapanga zigamba zosafanana mbali ziwiri ndipo amakula m’milungu yochepa. Zimenezi sizidikira mawa. Za mayiwa zonse zinatuluka bwino kupatula bipi. Anawasiyitsa asipirini, n’kuwayambitsanso mapiritsi a bipi.

Pali nthawi zina zomwe timadontho sitiyenera kutengedwa mopepuka. Ngati munthu ndi wachinyamata wopanda bipi kapena shuga, ngati madontho akuwala munthuyo atabayidwa mankhwala owalitsa, ngati ali mu tsinde la ubongo kapena mu msana, kapena ngati diso limodzi linachita khungu kwa masiku angapo kapena mwendo unachita dzanzi kwa nthawi yaitali, dokotala amaganizira za matenda otupitsa mitsempha, monga amene pepala lingawatchule kuti MS, ngakhale kuti kuno sapezeka kawirikawiri. Banja lomwe anthu ake amadwala sitiroko asanakwane zaka 50 nalonso liyenera kunena zimenezi. Ndipo nkhope ikapindika mwadzidzidzi, mkono ukafooka kapena lilime likalemera, musafufuze envelopu yakale. Pezani galimoto nthawi yomweyo.

Mayiwa anabwerera ku benchi yawo ku Limbe. Mchere wa m’ndiwo anauchepetsa, ngakhale amadandaula kuti usipa wouma umabwera ndi mchere wake kale, ndipo muyezo wa supuni yaing’ono imodzi patsiku ndi wovuta pakhomo pomwe mphika ndi umodzi. Mutu umawapwetekabe masiku ena, makamaka akakhalitsa padzuwa osamwa madzi.

Pochoka ndinaona kuti envelopu ija yabwerera pamwamba pa kabati. Pathebulo panali kope la ana asukulu lomwe mwana wawo analijambula mizere, ndi kamakina koyezera bipi komwe akubwerekana ndi nyumba zitatu zoyandikana. Azimayi awiri a pafupi anali atakhala pakhonde, manja a mabulauzi atapinda, akudikira kuti ayezedwe. Nambala yomaliza m’kope la mayiwa inali 134/84.