Matsire: chiwindi sichifulumizidwa

Tiyeni tiyambe ndi masamu a pa bala. Botolo limodzi la mowa la mamililita 330, lamphamvu ya 5 peresenti, limakhala ndi magalamu pafupifupi 13 a mowa weniweni, umene akatswiri amautcha ethanolo. Chiwindi cha munthu wamkulu chimakwanitsa kuphwanya magalamu 7 kapena 8 okha pa ola. Ndiye bambo amene wayamba kupapira 7 koloko madzulo, nakhuthula mabotolo 8 pofika pakati pa usiku, wachipatsa chiwindi magalamu oposa 100, ntchito ya maola pafupifupi 13. Ntchitoyo ikatha cha m'ma 8 koloko m'mawa. Chodabwitsa n'chakuti matsire amafika pachimake nthawi yomweyo, mowa ukamatha m'magazi, ndipo angathe kumugwira munthu tsiku lonse.

Chiwindi chimaphwanya mowa kawiri. Poyamba chimausandutsa asetadehaidi, mankhwala amene ndi poizoni kuposa mowawo, kenako n'kumusandutsa aseteti, amene thupi silivutika naye. Mowa ukachuluka, thupi limakhalitsa ndi poizoniyu, ndipo akatswiri amamuganizira pa nseru, thukuta ndi kugunda kwa mtima. Chitetezo cha m'thupi nacho chimadzuka monga chimachitira munthu akadwala. N'chifukwa chake wamatsire amamva kuphwanya m'thupi, ena mpaka kuganiza kuti ndi malungo.

Palinso zina. Mowa umatsekereza homoni imene imauza impso kuti zisunge madzi, motero munthu amangopita kukataya madzi usiku wonse n'kudzuka kukhosi kuli gwa. Umapsereza m'mimba. Umagonetsa msanga koma tulo take n'todukizadukiza. Ndipo chiwindi chikatanganidwa ndi mowa chimalephera kutulutsa shuga wokwanira, makamaka kwa amene anamwa wosadya.

Njira yotchuka kwambiri ndi yoipitsitsa: kuchotsa matsire ndi botolo lina. Zoona, munthu amamvako bwino, chifukwa mowa wakweranso m'magazi n'kuphimba ululu. Koma uku n'kubweza ngongole ndi katapila. Chiwindi chaonjezeredwa maola ena, ndipo matsire akudikira madzulo. Ngati manja amanjenjemera m'mawa uliwonse mpaka mutamwa, amenewo si matsire, thupi layamba kudalira mowa ndipo pakufunika dokotala.

Khofi wowawa amachotsa tulo basi, mwinanso n'kuputa nseru. Kusamba madzi ozizira kumatsitsimula khungu. Kuthamanga kuti mowa utuluke ndi thukuta n'kudzivutitsa chabe, popeza mowa woposa 90 peresenti umathera m'chiwindi, ndipo thukutalo likungomaliza madzi otsalawo. Mu 2005 magazini ya zachipatala ya ku Britain, BMJ, inasindikiza kafukufuku amene anaunika mankhwala osiyanasiyana oyesedwa pa matsire, ndipo sanapeze umboni wogwira mtima wakuti alipo amene amachizadi.

Nanga msuzi wa mang'ina, umene anthu amaufunafuna Lamlungu m'mawa? Ine sindiunyoza. Muli madzi, muli mchere, ndipo m'mimba mumalowa kanthu kotentha. Chimene sindigwirizana nacho ndi tsabola wodzaza supuni amene amathiramo poti "atulutse mowa". Tsabolayo akungopsereza m'mimba momwe mwapsa kale. Kanyenya ndi tchipisi zikanathandiza dzulo, musanayambe kumwa, pakuti chakudya chimachedwetsa mowa kulowa m'magazi. M'mawa phala, nthochi kapena tiyi wa shuga n'zabwino koposa. Madzi imwani pang'onopang'ono, ndipo ngati mwasanza kwambiri sungunulani paketi ya Thanzi mu lita imodzi ya madzi abwino. Madzi amathetsa ludzu ndi chizungulire, koma sapungula ngakhale ola limodzi pa ntchito ya chiwindi.

Mapiritsi a mutu amafuna kusamala. Parasetamo, amene ambiri timangoti panado, amaphwanyidwa ndi chiwindi chomwecho, ndipo kwa munthu womwa kwambiri masiku ambiri, kapena wopyoza mlingo, angathe kuchiwononga. Asipulini ndi ibupulofeni amachepetsa mutu koma amakanda m'mimba, choncho wa zilonda za m'mimba asayerekeze, ndipo ena onse ayambe adya.

Mtundu wa mowa ulinso ndi mbali yake. Mowa wakuda monga bulande ndi wisiki uli ndi tizinthu tambiri totsalira pofulula, ndipo matsire ake amakula kuposa a vodika pa mlingo wofanana. Kachasu vuto lake ndi lina: palibe amene anayeza mphamvu yake, ndiye masamu athu aja sagwira. Mowa wosadziwika kochokera ungathenso kukhala ndi methanolo, amene m'thupi amasanduka asidi wowononga mitsempha ya maso. Zizindikiro zake zimachedwa, nthawi zina mpaka tsiku lathunthu. Munthu akayamba kuona mwachimbuuzi, kupuma mwabefu, kusanza magazi, kubwebweta kapena osadzuka pomugwedeza, musamufunde bulangete kuti agone ziphwe. Mugonekeni chammbali kuti asatsamwe ndi masanzi, ndipo thamangirani naye kuchipatala.