Mtengo wa pafoni si umene mudzalipire

Ife a ku Chikwawa tinakula tikuona minda ya nzimbe ku Nchalo, ndiye n'zosadabwitsa kuti anzanga akayamba kuganiza za masheya, amayambira a Illovo, amene amagulitsidwa pamsika wa masheya ku Blantyre. Koma ndimawauza kuti mtengo umene amaona pafoniwo ndi wa malonda amene anachitika kale. Mitengo yeniyeni imakhala iwiri, ngati pamsika wa mbuzi ku Ngabu: wogulitsa amatchula wake, wogulanso wake.

Tiyerekeze kuti foni ikuonetsa K2,000 pa sheya. Ogulitsa akufuna K2,050, ogula aima pa K1,950. Inu mukufuna masheya 100. Vuto n'lakuti wa K2,050 uja ali nawo 60 okha, ndipo wotsatira wake akufuna K2,150. Mukauza buloka kuti angogula basi, 60 aja mulipira K123,000, otsala 40 mulipira K86,000. Zonse pamodzi K209,000, pamene inu mumawerengera K200,000.

Mawa lake kwagwa matenda, mukufuna ndalama. Ogula aja akadali pa K1,950, ndiye mulandira K195,000. K14,000 yapita mtengo wa pafoni usanasunthe n'komwe, osawerengera za buloka ndi zotumizira ndalama. Wandalama zambiri amadikira zaka, phindu n'kukwirira dzenjelo. Wampamba wochepa ndiye amakakamizika kugulitsa msanga.

Ine ndisanagule ndimafunsa buloka mitengo iwiriyo ndi kuchuluka kwa masheya pa mtengo uliwonse, kenako ndimamuikira malire: asapitirire K2,050. Kuipa kwake, mwina mupeza 60 okhawo, enawo n'kudikira.