Mayi apempha fizi, mzungu wamva moni yekha

M'mabanja ambiri muli munthu mmodzi amene foni imathera m'manja mwake pakafunika kulembera mzungu. Kawirikawiri amakhala mwana amene anafika Folomu 4, kapena mphwake wa mwini uthenga amene amagwira ntchito m'tauni. Ntchito yotereyi yachuluka. Chiyambire 2005, pamene boma la Malawi ndi la Scotland anasainirana pangano la ubale, sukulu ndi mipingo yambiri ili ndi anzawo a kumeneko, ndipo alendo amene anadzaphunzitsa kapena kudzathandiza pa chipatala amabwerera kwawo atasiya nambala ya foni ndi ubwenzi. Mayi amene ankawaphikira nsima amafuna kuwayankhula, koma Chingerezi n'chosowa. Ndiye amaitana mwana uja, namuuza kuti, "Tandilembera, ungonena momwe ndanenera."

Vuto lagona pa "momwe ndanenera" pomwepo. Titenge uthenga ngati uwu, wochokera kwa mayi wina kupita kwa mzimayi wa ku Scotland amene wakhala akuthandiza mwana wake wamkazi pa sukulu yogonera konko:

"Achemwali, mwaswera bwanji kumeneko ndi banja lonse? Mwasowatu masiku ano. Kuno tilipo ndithu, kungoti mvula chaka chino yatichita chipongwe. Mwana wanu uja akulimbikira sukulu, ndipo akutsekulira sabata yamawa. Ndimati ndingokudziwitsaniko. Zikomo kwambiri pa zonse, ndi mawa lomwe."

Mmalawi aliyense wamva kale kuti fizi yasowa, chimanga chogulitsa palibe, ndipo masiku atha. Wamvanso kuti mayiwa ndi aulemu, amamukonda mnzawoyo, ndipo akuchita manyazi kupempha. Komabe mawu oti "ndalama" kapena "fizi" mulibemo. Mukaumasulira liwu ndi liwu, mzimayi wa ku Scotland uja alandira nkhani ya mvula, nkhani ya tsiku lotsekulira sukulu, ndi ziganizo zitatu zomwe zimudabwitse kapena kumupweteka.

Choyamba ndi "mwasowatu". Kwathu ndi mawu a chikondi, ndipo "tu" wa kumapetoyo amanenedwa uku munthu akumwetulira. Amalawi ambiri amawalemba kuti "you are lost", zomwe kwa mzungu zimamveka ngati wasochera njira. Ena amakonza n'kulemba kuti wakhala chete nthawi yaitali. Apo tanthauzo lafika, koma lafika ngati dandaulo: mzunguyo amva kuti akudzudzulidwa chifukwa chosalemba. Zomwe mayi akunena kwenikweni n'zoti amusowa, ndipo "we miss you" ndi amene amanyamula zimenezo. Onani kuti chiganizocho chatembenuka. M'Chichewa wosowayo ndiye mwini mneni, m'Chingerezi mwini mneni ndi amene akulakalaka mnzake. Chikapanda kutembenuka chimasanduka mlandu.

"Mwana wanu uja" ndi woopsa kuposa pamenepo. Mayi akatero akupereka ulemu waukulu, akumulowetsa mlendo uja m'banja, monga momwe timanenera kwa mnansi amene watilelera mwana. Koma kwa munthu amene kwawo mwana ndi wa bambo ndi mayi ake okha, kulembedwa kuti "your child" pafupi ndi nkhani ya sukulu kumamveka ngati akusenzetsedwa udindo umene sanauvomere. Ena amachita mantha n'kuyamba kubwerera m'mbuyo. Apa ndi bwino kungotchula dzina la mwanayo, ndipo chikondi chimene chinali mu "wanu" muchiike m'chiganizo china, monga choti mwanayo amakukumbukani, ngati ndi zoona kuti amatero. Nawonso "ndi mawa lomwe" ndi kuthokoza kwathunthu kwa Chichewa, koma m'Chingerezi amamveka ngati munthu akuitanitsa china asanameze choyamba. Asiyeni, muthokoze momveka bwino basi.

Izi ndi zigawo zing'onozing'ono. Nkhani yaikulu ndi yoti ulemu wa zinenero ziwirizi sukhala malo amodzi. M'Chichewa ulemu uli m'thupi mwenimweni mwa mawu. Tili ndi "iwe" ndi "inu", "bwera" ndi "bwerani", "a" amene timaika kutsogolo kwa dzina, ndiponso "ko" amene amafewetsa pempho, moti "ndithandize" ndi "mundithandizeko" ndi anthu awiri osiyana. Chingerezi chinali ndi "thou" wa munthu mmodzi, koma anatha m'kayankhulidwe ka anthu ambiri cha m'zaka za m'ma 1600, ndipo lero "you" yemweyo amatumikira mfumu ndi mwana wakhanda. Choncho mukamasulira "mundithandizeko" kukhala "help me", ulemu wonse wagwera panjira ndipo chatsala ndi lamulo. Kuwonjezera "please" kumathandiza pang'ono chabe, chifukwa lamulo lokhala ndi "please" likadali lamulo.

Anthu a ku Mangalande ulemu wawo amauika pena. Amasandutsa pempho kukhala funso, amalikankhira ku nthawi yakale, ndipo amamutsekulira mnzawo khomo loti akane popanda manyazi. Chosangalatsa n'choti njira yachiwiriyi ifenso tili nayo. Mayi aja sananene kuti "ndikukudziwitsani", anati "ndimati ndingokudziwitsaniko", ngati kuti ganizolo linali la dzulo ndipo mwina latha kale. Mzungu akamati "I was wondering if" akuchita chimodzimodzi. Apa zinenero ziwirizi zimagwirana chanza, ndipo womasulira wanzeru amadutsira pomwepa.

Kusiyana kwake n'koti mzungu, ngakhale afewetse chotani, chinthu chimene akupemphacho amachitchula. Ife timachizungulira n'kusiyira womvera kuti atole yekha, chifukwa kumutchulira kuli ngati kumuyesa wosamva. Mnzathu wakunja uja sanakulire m'mayankhulidwe amenewa. Akawerenga za mvula adzadandaula nanu za mvula, moona mtima ndithu, ndipo nkhani idzathera pomwepo.

Ndiye kodi womasulira aike pempho limene mayi sanalitchule? Ine ndimati aike, koma osati mwa yekha. Abwerere kwa mwini uthenga n'kufunsa mosabisa: kodi mukupempha fizi kapena mukungopereka moni? Ngati ndi fizi, ndi zingati, yonse kapena yotsala, ndipo ikufunika pofika liti? Mayi angazengereze, angati "iwowo adziwa okha". Muwafotokozere kuti kumeneko kusatchula sikuwerengedwa ulemu, kumangosiya munthu mumdima. Ndipo mwina mupeza kuti mayiwo sakupempha kalikonse, amalume analipira kale, iwo amangofuna kucheza. Mukanaikamo pempho mwa nokha mukanawasandutsa opemphetsa pamaso pa mnzawo.

Akavomera kuti ndi fizi, mtima wa uthengawo ungamveke motere:

"We miss you, and I hope your family is well. The rains were poor this year and we harvested very little. School opens next week and I have not managed to find the fees. I was wondering if you might be able to help this term. If it is not possible, I will understand."

Kenako mutchule kuchuluka kwa ndalamazo ndi tsiku, mumalize ndi kuthokoza. Moni wafupika koma sanachoke. Mvula yakhala, koma tsopano yalumikizidwa ndi fizi, kuti wowerenga aone chifukwa chake yatchulidwa. Chiganizo chomalizacho, choti ngati n'kosatheka adzamvetsa, mayi sanachinene ndi pakamwa. Koma ndicho chikugwira ntchito imene kuzungulira kuja kumagwira: pamene mayi sanatchule ndalama, amamupatsa mnzawo mpata wokana popanda wina kuchita manyazi. Chingerezi mpata umenewo chimaupereka ndi mawu.

Pali dzenje lina kumbali inayo, ndipo ophunzira bwino ndi amene amagweramo. Pofuna kusunga ulemu wa amayi, amatulutsa Chingerezi cha kalata yofunsira ntchito chimene tinaphunzira ku sukulu: "Dear Madam", "I humbly request". Kwa munthu amene anadyera nanu m'mbale imodzi, mawu amenewa ndi ozizira. Amamva ngati ubwenzi watha, ndipo ena amakayika ngati foniyo ikadali m'manja mwa mwini wake, poti mauthenga a akuba a pa foni amakonda kulembedwa mokometsera chonchi. Kwawo kutchulana dzina loyamba ndi chizindikiro cha kuyandikana, ngakhale mayi athu angaone ngati n'chipongwe. Ngati mlendoyo ankaitanidwa kuti "achemwali" ali kuno, lisiyeni liwulo momwe lilili m'Chichewa. Amalidziwa, ndipo limutengera pakhonde paja msanga kuposa liwu lililonse la Chingerezi.

Chimodzimodzi musakometse mavuto. Mayi anati "tilipo ndithu", ndipo mmenemo muli kudzilemekeza kwa munthu amene akuvutika koma sanagwe. Womasulira akalemba kuti banja likufa ndi njala pofuna kuti ndalama zibwere msanga, wawavula mayiwo ulemu umene anavala polankhula.

Mungadziwe bwanji kuti zalakwika? Yankho limaulula. Likabwera lansangala, loyamikira kuti mwana akulimbikira, koma losakhudza fizi, dziwani kuti pempho silinamveke, ndipo si kuti munthuyo wakana. Mabanja ena amakhumudwa apa n'kumati mzungu uja wasintha, pamene iye sakudziwa n'komwe kuti anapemphedwa. Likabwera lodzaza ndi kupepesa ndi kufotokoza chifukwa chimene anakhalira chete, ndiye kuti "mwasowatu" anafika ngati chidzudzulo. Likabwera lalifupi ndi louma kuchokera kwa munthu amene amakonda kucheza, onaninso ngati simunalamule pamene mumayenera kufunsa.

Musanatumize, uwerengereni mayi uthengawo pobwezera m'Chichewa, osati momwe iwo ananenera koma momwe Chingerezicho chikunenera. Akati "ayi, pamenepo ndiye mwandiyankhulitsa mwamwano", kapena "zimenezo sindinanene", konzani. Ndipo ngati uthengawo unayamba ngati mawu ojambulidwa pa WhatsApp, tumizani mawuwo pamodzi ndi zolembazo. Mnzawoyo mwina atolamo "zikomo" ndi dzina la mwana basi, koma amva pamene mayi anaseka ndi pamene mawu anatsika atafika pa nkhani ya sukulu.

Yankho likabwera, ntchito imatembenuka, ndipo msampha wake ndi womwewo. Mzungu akalemba kuti sangakwanitse teremu ino, amanena mwachindunji chifukwa kwawo kumuuza munthu zoona msanga ndiko kumulemekeza, kuti apeze njira ina nthawi ikadalipo. Mukawauza mayi kuti "akuti sangathe" n'kulekera pomwepo, amva ngati chitseko chawombedwa. Muyambe ndi moni ndi chisoni chimene chili m'yankholo, munene kuti "akuti pepani kwambiri, ulendo uno zawavuta", koma musafewetse mpaka kufika pa "akuti aona", chifukwa mayi adzadikira ndalama imene sikubwera, sukulu n'kutsekulira mwana ali pakhomo.