Mayendedwe a zamadzimadzi zolimba m'paipi

Zamadzimadzi zina zimasintha kulimba kwake malinga ndi mmene zikuyendetsedwera. Penti amakhala wolimba ali m'chitini, koma bulashi ikamudutsitsa mwachangu pakhoma amafewa n'kufalikira mosavuta. Yogati, phala la zipatso ndi magazi zimachitanso chimodzimodzi. Madzi wamba satero, chifukwa kaya avundulidwe pang'ono kaya mwamphamvu, kulimba kwawo sikusintha. Ndiye kuti masamu owerengera madzi m'paipi sangagwire bwino pa zinthu zofewa zikamayenda.

Zamadzimadzi zikamayenda modekha m'paipi, zimayenda m'magawo okutana ngati zikamba za anyezi. Gawo lokhudza khoma la paipi limakhala chiimire, lotsatira limatsetsereka pamwamba pake, ndipo lapakatikati ndilo limathamanga kuposa onse. Akatswiri amayeza zinthu ziwiri pakati pa magawowa. Choyamba ndi mphamvu yokhuzana, yolembedwa τ, imene gawo limodzi limakokera nalo linzake. Chachiwiri ndi liwiro lokhuzana, lolembedwa γ, losonyeza mmene liwiro likusinthira kuchoka pa gawo lina kupita pa lina. Lamulo la Ostwald ndi de Waele, lomwe linatuluka m'zaka za m'ma 1920, limalumikiza ziwirizi motere:

```
τ = K × γ^n
```

Chilembo K chikuimira kulimba kwa chinthucho, pamene n akusonyeza khalidwe lake. Ngati n ndi 1, chinthucho chili m'gulu la madzi wamba. Ngati n ndi wochepera 1, chimafewa chikamakhuzidwa mwamphamvu, ndipo n akamacheperachepera kufewako kumakulirakulira. Chifukwa chake nthawi zambiri n'chakuti tizidutswa ndi timaulusi tam'kati, tomwe timakhala topiringizana chinthucho chikangokhala, timawongoka n'kuloza komwe chikulowera.

Kuwerengera kumayambira pa mphamvu zokankha ndi zobweza. Paipi ikhale yotalika L, mtunda wochokera pakati pake kufika kukhoma ukhale R, ndipo kusiyana kwa mphamvu yokankha pakati pa kolowera ndi kotulukira kukhale ΔP. Zamadzimadzi zikamayenda pa liwiro losasintha, mphamvu yozikankha imafanana ndi mphamvu yokhuzana yomwe ikuzibweza. Pa mtunda r kuchokera pakati, zimenezi zimapereka τ = ΔP × r / (2L). Pakatikati palibe kukhuzana konse, ndipo kukhoma n'kumene kumakhala kwakukulu kwambiri, komwe kumalembedwa τw = ΔP × R / (2L). Mfundo imeneyi ndi yoona pa zamadzimadzi zamtundu uliwonse. Khalidwe la chinthucho limalowa pokhapokha τ ameneyu akaikidwa m'lamulo lija. Kenako kusintha kwa liwiro kumawonkhetsedwa kuyambira kukhoma, kumene liwiro ndi ziro, kulowera pakati, ndipo zotsatira zake ndi izi:

```
u(r) = umax × [1 − (r/R)^((n+1)/n)]
umax = [n/(n+1)] × R × (τw/K)^(1/n)
Q = [π n/(3n+1)] × R^3 × (τw/K)^(1/n)
```

Apa u ndi liwiro la gawo lomwe lili pa mtunda r, umax ndi liwiro la pakatikati, ndipo Q ndi kuchuluka kwa zomwe zikudutsa pa sekondi iliyonse. Kuika n = 1 kumabweza lamulo lodziwika la Hagen ndi Poiseuille la madzi wamba, ndipo iyi ndi njira yachidule yoonera ngati masamuwo sanalakwike.

Chitsanzo chikhale cha phala la mango lomwe likupopedwa m'fakitale, ndi manambala ongosankhidwa kuti masamu aoneke bwino: K = 5, n = 0.5, paipi yotalika mamita 10 yokhala ndi R wa mamita 0.025, ndi ΔP wa mapasikalo 40,000. Kukhoma, τw ndi 40,000 × 0.025 / 20, omwe ndi mapasikalo 50. Kugawa 50 ndi K kumapereka 10, ndipo popeza 1/n ndi 2, nambalayi imachulukitsidwa ndi iyo yomwe n'kukhala 100. Limeneli ndi liwiro lokhuzana kukhoma, pa sekondi. Liwiro la pakatikati likhala mamita 0.83 pa sekondi, ndipo Q akhala pafupifupi lita imodzi pa sekondi, kunena ndendende 0.98. Kugawa Q ndi kukula kwa kamwa la paipi kumapereka liwiro la phala lonse, lomwe ndi mamita 0.5 pa sekondi.

Manambalawa akuonetsa mmene phalalo likuyendera. Pa theka la mtunda wopita kukhoma, liwiro likadali mamita 0.73 pa sekondi, kutanthauza kuti latsika ndi gawo limodzi lokha mwa magawo 8, pamene madzi wamba akadataya gawo limodzi mwa magawo 4. Phala lapakati limayenda pafupifupi limodzi ngati chinthu chogwirana, ndipo liwiro limagwa mwadzidzidzi pafupi ndi khoma. Zili choncho chifukwa kukhoma phalalo lafewa: kugawa τ ndi γ kumapereka 0.5 kukhoma, koma 1 pa theka la mtunda uja. Pa opanga zakudya izi si nkhani yaing'ono. Phala lonse limatha masekondi 20 m'paipiyi tikatengera liwiro la 0.5, koma lapakatikati limatuluka pakangotha masekondi 12. Ngati paipiyo ndi yosungira phala lotentha kuti tizilombo tife, nthawi yofunika kuwerengera ndi masekondi 12.

Chinanso chooneka ndi mmene Q amasinthira. Madzi oyenda modekha akawonjezeredwa mphamvu yokankha kawiri, amatuluka ochuluka kawiri. Phala la n = 0.5 limatuluka lochuluka kanayi, popeza mphamvuyo ikulikankha komanso kulifewetsa. Paipi ikakulitsidwa kawiri mulifupi, madzi amachuluka ka 16, phalali ka 32. Khalidweli limathandizanso kupeza n. Kupopa phala pa mphamvu zosiyanasiyana n'kujambula logalithimu ya ΔP moyang'anizana ndi ya Q kumatulutsa mzere wowongoka, ndipo kupendekeka kwa mzerewo ndiye n.

Masamuwa ali ndi malire ake. Amagwira pokhapokha magawo akuyenda modekha osasokonekera, ndipo choyezera chake ndi nambala ya Reynolds monga anaikonzera Metzner ndi Reed mu 1955, yomwe ingalembedwe 8ρV²/τw, pamene ρ ndi kulemera kwa chinthucho pa kiyubiki mita ndipo V ndi liwiro lake lonse. Ndi ρ wa makilogalamu 1,000, chitsanzo chija chimapereka 40, kutali kwambiri ndi 2,100 pomwe chipwirikiti chimayandikira. Lamuloli limanenanso kuti pakatikati kulimba kulibe mapeto, zomwe si zoona, ngakhale kuti cholakwikachi sichisintha Q kwenikweni. Choncho K ndi n ziyenera kuyezedwa pa liwiro lokhuzana lofanana ndi la kukhoma kwa paipiyo, komanso pa kutentha komweko, chifukwa K amatsika chinthu chikatentha.

Mzere wa muyeso uja ukakhota, kapena phala likakana kusuntha mpaka mphamvu itafika pamlingo wina, ndiye kuti pakufunika lamulo la Herschel ndi Bulkley, lomwe limawonjezera mphamvu yoyambitsira kuyenda. Vuto lina ndi kutsetsereka kukhoma, komwe kamadzi kochepa kamalekana ndi tizidutswa n'kupangitsa phala kutuluka lochuluka kuposa la pa masamu. Chizindikiro chake n'chakuti mapaipi osiyana kukula amapereka K ndi n osiyana pa phala lomwelo.